Kasimbidwe ka nthano ya Fulu ndi masuku kuti mwana agone, osati ayambenso kudumpha

Ambirife timalephera pamalo amodzimodzi. Wabwera kuntchito wotopa, kombi yakuchedwetsa mtauni, mwana wasamba wadya, ndiye akuti amama ndiuzeni nthano. Uyamba bwinobwino, koma pofika pakati wayika mpikisano wothamanga, Kalulu akuliza liwiro, iwe ukukweza mawu, mwana uja m'malo motseka maso wakhala tsonga pabedi akuombera m'manja. Hafu naini yakwana, tulo tathawa.

Ine ndimakhala ku Mufakose mu Harare, kamtsikana kanga kali ndi zaka 4, ndipo vuto lake lalikulu ndi kudikira. Phala likatentha akulira, mchimwene wake akagwira chidole akulanda. Ndiye ndinafuna nthano ya fulu wophunzira kudekha, koma ya mpikisano wa Fulu ndi Kalulu ija sinandithandize, chifukwa mmenemo Fulu saphunzira kanthu, ndi wochedwa kale chibadwire. Kuyenda pang'onopang'ono ndi kudekha ndi zinthu ziwiri zosiyana. Fulu wathuyu miyendo ndi yochedwa inde, koma mtima wake ndi waphuma. Mukagwira pamenepa basi, zina zonse zikhala zosavuta.

Zofunika musanayambe

Mphindi 7 kapena 8 zoti palibe akuitaneni. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 nthano ikapitirira mphindi 10 amayamba kutembenuka nkufunsa zina.
Mwana akhale atadya, watsuka mano, wakodza, ali kale mubulangete. Zamadzi akumwa muthane nazo nthano isanayambe.
Kuwala kochepa. Magetsi akathima monga timazolowera kunoku, tochi yoloza kukhoma ikukwana. Kandulo ayi pafupi ndi neti kapena zofunda, ndipo musagone musanaizimitse.
Foni ikhale kutali, yosalira. Musawerenge nthanoyi pafoni, kuwala kwake kumakoka maso a mwana.
Dzanja lanu limodzi. Ndiye Fulu ameneyo, chibakera ndi chigoba, chala chachikulu ndi mutu.
Ngati ndi nyengo yake, suku limodzi loti mwana aligwire masana.

Sitepe 1: Sankhani chinthu choti sichingafulumizidwe

Fulu afune chinthu choti kaya alire kaya akwiye, sichibwera nthawi isanakwane. Ine ndinasankha masuku. Amapsa mvula ikamayandikira, cha mu Novembala kulowa Disembala mumawaona ali mulu mulu kumsika wa Mbare Musika ndi m'mbali mwa misewu, ndipo mwana wokulira mu Harare muno amawadziwa ngakhale kuti amawatchula dzina la Chishona. Mulekeni atchule choncho, inu muzingonena kuti masuku, mawa lake azidziwa mayina onse awiri. Ubwino wa msuku ndi woti chipatso chake chikapsa chimagwa chokha, anthu amangotola pansi. Fulu sakwera mtengo. Ndiye chilengedwe chenichenicho chakukonzerani kale nthano, wapansi adikire chapamwamba chigwe.

Ngati si nyengo ya masuku mango akhoza kulowa m'malo, makamaka ngati pabwalo panu pali mtengo wake woti mwana amauona tsiku ndi tsiku.

Chenjezo: musasankhe chinthu choti Fulu akanachipeza pochenjera. Mukaika zoti anapusitsa Nyani kuti amuthyolere, mwaphunzitsa ukathyali, kudekha kwasowa.

Sitepe 2: Nyama zisapitirire zitatu

Fulu, mnzake mmodzi wopupuluma, ndi wamkulu mmodzi wofatsa. Kwa ine ndi Fulu wamng'ono, Gologolo, ndi agogo a Nkhono. Nkhono ndinaisankha dala chifukwa cha mwambi uja akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwambiwo simuutchula kwa mwana, wachepa nawo, koma mumuonetsa ukuchitika. Nkhono ukaikhudza imabweza tinyanga take mkati, ndipo maso ake ali kunsonga kwa tinyanga titalitali tija, ndiye kuti uwaone uyenera kukhala phee mpaka itulutsenso yokha. Mvula ikagwa nkhono zimatuluka m'makoma ndi m'maluwa, muonetseni mwana masana, madzulo nthano idzalowa msanga.

Chenjezo: Fisi, Mkango, Njoka asalowe. Awa ndi a nthano zamasana kapena za ana okulirapo. Wa zaka 3 ukamutchulira fisi mumdima ndiye kuti usiku wonse ali pabedi panu.

Sitepe 3: Yambani monga ankayambira agogo

Inu muti "Padangokhala," mwana ayankhe "Tili tonse." Ana athu kuno kusukulu ya mkaka amaphunzira kuyankha m'Chishona kuti dzepfunde, wanga tsiku loyamba anayankha choncho. Sindinamukonze mokalipa, ndinangomuuza kuti kwathu timati tili tonse, patapita masiku atatu anali atazolowera.

Kuyankha kumeneku sikungosunga mwambo chabe, ndi sikelo yanu ya tulo. Poyamba "tili tonse" amatuluka mwamphamvu. Pakati amayamba kukoka, tiiili tooonse. Kenako amadumpha kamodzi, kenako zii. Akasiya kuyankha musamugwedeze kuti yankha, mwapambana kale, ingotsitsani mawu mupitirize.

Sitepe 4: Fulu ayese katatu, alephere katatu

Katatu ndi muyeso wabwino. Kawiri mwana sanagwire kayendedwe kake, kanayi watopa. Kulephera kulikonse kukhale kochokera ku phuma la Fulu mwini, ndipo kukhale kopweteka pang'ono chabe, monga kuwawa mkamwa kapena kugwa chagada. Magazi ayi, chigoba kusweka ayi.

Apa pali kanthu koti ambiri sakadziwa. Kuyesa koyamba ndi kumene kukhale kwaphokoso kwambiri, kwachiwiri kocheperapo, kwachitatu kwachete. Nthano zamasana zimakwera phiri, yogonetsa imatsetsereka. Mukasunga zoseketsa kwambiri mpaka kumapeto ndiye mwamudzutsa nthawi imene amayenera kumira.

Sitepe 5: Ikani kanyimbo ka mizere inayi

Kanyimbo kakhale kafupi, koimbika ndi mpweya umodzi umodzi, kobwerera kangapo. Kanga ndinapeka ndekha ndikuchapa:

Suku suku igwa,
Fulu ali pansi,
dzuwa likuphika,
mawa tidya tonse.

Ulendo woyamba Fulu amaimba mothamanga ndi mokwiya. Ulendo womaliza mukuimba monong'ona, dzanja likusisita msana wa mwana motsatira mawuwo. Musawombe m'manja, musamuuze kuti avine.

Sitepe 6: Muonetseni chochita podikira

Apa ndi pamtima pa nkhani yonse ndipo ndi pamene ndinalakwitsa kwa sabata yathunthu. Ndinkangoti agogo a Nkhono anamuuza Fulu kuti dekha, Fulu nkudekha. Mwana wanga anandifunsa, "Amama, kudekha amatani?" Ndinasowa choyankha. Kwa mwana wa zaka 4 mawu oti dekha alibe chogwirika, ali ngati kumuuza kuti talika. Amafuna chinthu choti thupi lake lichite.

Ndiye Fulu ndinamupatsa zinthu zitatu. Alowetse mutu m'chigoba. Apume katatu pang'onopang'ono. Kenako amvetsere, atchule zinthu zimene akumva. Zitatu zomwezi mwana amazichita nanu limodzi pabedipo, mutu mubulangete mpaka pachibwano, mpweya utatu, kenako kumvetsera galu akuuwa kutali kapena mvula padenga la malata. Ndipo zimenezi ndi zimene zimaitana tulo.

Chenjezo: bulangete lisaphimbe nkhope. Pachibwano basi. Ndipo mwana wosakwana chaka chimodzi izi sizikumukhudza, ameneyo asagone ndi zofunda zomufika kumaso.

Nthano yake yonse, mmene ndimaisimbira

Padangokhala. Tili tonse.

Panali Fulu wamng'ono, amakhala pansi pa mtengo wa msuku. Tsiku lina mmawa anatulutsa mutu wake, suzu, nayang'ana kumwamba. Masuku ali mbwee munthambi monse. Mimba yake inalira, kulululu. Fulu anati, "Ndikufuna suku. Ndikulifuna pompano!"

Anaimba mokalipa, suku suku igwa, Fulu ali pansi, dzuwa likuphika, mawa tidya tonse. Koma suku silinagwe.

Fulu anabwerera mmbuyo, kwawu, kwawu, kwawu, nathamanga liwiro lake lonse la ufulu, nagunda mtengo ndi chigoba, gu! Mtengo osagwedezeka. Tsamba limodzi lokha linatsika, pepeluu, nkudzamutera pamphuno. Mutu unamuzungulira.

Tsiku lachiwiri Fulu anati, lero ndikwera. Anaika mwendo uwu pamtengo, anaika winawu, anakwera pang'ono, kenako tereree, nagwa chagada. Miyendo inayi m'mwamba, ikupalasa mphepo. Anapalasa, anapalasa, osatembenuka. Gologolo anatsika namukankha ndi mphuno mpaka Fulu anatembenuka. Fulu anaimbanso, koma tsopano motopa.

Tsiku lachitatu Fulu anapempha, "Achimwene a Gologolo, ndigwetsereniko limodzi." Gologolo anati, "Sanapse, mng'ono wanga." Fulu anati, "Palibe kanthu, ndigwetsereni basi." Gologolo anagwetsa. Fulu analuma. Linali lolimba ngati mwala, lowawa, lomanga lilime. Fulu analavula, misozi ili lengelenge, nakhala pansi osalankhula.

Pamenepo anamva kamawu kakang'ono pafupi ndi mwendo wake. "Walira chiyani mdzukulu wanga?" Anali agogo a Nkhono. Fulu anati, "Agogo, masuku akundikana." Agogo anati, "Sakukukana. Dzuwa likadaphika. Kodi mayi ako akamaphika nsima, umadya madzi akadali pamoto?" Fulu anati, "Iyayi agogo." Natambasula khosi kuti awaone bwino, anawakhudza ndi mphuno, ndipo agogo anabweza maso awo mkati, lowu.

"Agogo, maso anu apita kuti?" Mawu anachokera m'chigoba, "Ukafuna kuwaona, chita zimene ndikuuze. Lowetsa mutu." Fulu analowetsa. "Puma katatu." Anapuma. Kamodzi. Kawiri. Katatu. "Tsopano mvetsera. Ukumva chiyani?" Fulu anamvetsera. "Ndikumva mphepo m'masamba. Ndikumva njiwa kutali. Ndikumva mtima wanga, du, du, du." Atatulutsa mutu pang'onopang'ono, anaona tinyanga ta agogo tikutuluka, tikutalika, ndipo kunsonga kwake kunali timaso tiwiri tikumuyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo, mimba ikalira, Fulu amadya udzu wanthete, nkubwerera pansi pa msuku. Amalowetsa mutu, amapuma katatu, amamvetsera. Dzuwa linatuluka, linalowa. Linatuluka, linalowa. Mitambo inabwera. Mvula inagwa, waaa, Fulu ali m'chigoba chake mofunda. Anaimba chapansipansi, suku suku igwa, Fulu ali pansi.

Usiku wina, mwezi ukuwala, Fulu akumvetsera, anamva, thi. Kenako, thi. Sanathamange. Anapuma katatu kaye. Anatulutsa mutu, ndipo patsogolo pake penipeni panali suku lofewa, lonunkhira. Analuma, linali lotsekemera ngati uchi. Anadya limodzi, anapatsa agogo a Nkhono, anasungira Gologolo. Mimba inakhuta. Fulu analowetsa mwendo uwu, analowetsa winawu, analowetsa mutu. Anapuma kamodzi. Kawiri. Katatu. Nagona.

Ikathera pamenepo.

Sitepe 7: Gwiritsani dzanja ndi mawu, thupi likhale pansi

Dzanja lanu la chibakera liziyenda pabulangete, pamwendo wa mwana kukwera kumsana. Pa gu paja gundani pilo pang'ono, osati mwana. Pogwa chagada tembenuzani dzanja, zala zizipalasa, apa aseka ndipo palibe vuto chifukwa tikadali koyambirira. Agogo a Nkhono akangolowa, dzanja lisiye masewera, likhale chigonere pamsana pake, lolemera pang'ono, lofunda.

Mawu nawonso atsike masitepe. Tsiku loyamba la Fulu mawu anu a masiku onse. Lachiwiri tsitsani. Pofika pa dzuwa linatuluka linalowa muzisiya mpata pakati pa ziganizo, werengani mumtima mpaka 3 musananene chotsatira. Poyamba mudzaona ngati mukuchedwa kwambiri, koma ndi liwiro lake limenelo. Ngati mwana akadali maso, gawo la dzuwa ndi mvula lija litalikitseni, onjezani masiku ena awiri atatu, njiwa inalira, nyerere zinadutsa pamzere, mthunzi unasuntha. Musaonjeze chochitika chatsopano chachikulu, onjezani bata.

Sitepe 8: Tsekani osafunsa mafunso

Fulu akagona, inu khalani chete mphindi imodzi dzanja lili pomwepo, kenako lichotseni pang'onopang'ono. Kumudzi ena amatseka nthano ndi kaphuleni mbatata, ndi kosangalatsa pamoto madzulo ana ali ambiri, koma pabedi ndinasiya chifukwa wanga anadzuka nkufunsa kuti mbatatayo ili kuti.

Ndipo chonde musafunse kuti waphunzirapo chiyani. Limenelo ndi funso la mkalasi, limadzutsa mutu. Phunziro lidzabwera lokha masana. Kwathu linabwera patatha pafupifupi masabata awiri, phala lili pambale likufuka nthunzi, iye wayamba kale kukwinya nkhope, ine ndinangoti, "Fulu amatani paja?" Anakweza mapewa mpaka m'makutu ngati akulowa m'chigoba, napuma katatu mokokomeza, nati, "Amama, dzuwa likuphika." Si masiku onse zimatheka, pena amalira ndithu, ndi mwana. Koma tsopano tili ndi chogwira tonse awiri.

Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kusandutsa nthano chikwapu. Mwana wavuta masana, madzulo inu mukuti panali Fulu wosamva ngati iweyo. Akangozindikira kuti mukunena iye, amatseka makutu, ndipo mawa nthanoyo aikana. Fulu akhale Fulu. Musamupatse dzina la mwana wanu, musatchule zimene walakwa lero. Tsiku limene mwakwiyitsana kwambiri ndi tsiku loti muisimbe mofatsa koposa.

Kusintha mawu usiku uliwonse. Akulu timatopa ndi kubwereza, ana ayi, kubwerezako ndi kumene kumawakhazika mtima pansi chifukwa akudziwa chikubwera. Mukati lero tsamba linatera pamchira pomwe dzulo munati pamphuno, mudzamva "ayi amama si choncho" ndipo mkangano wayamba. Ngati adadi ake kapena agogo ake nawonso amagoneka mwana, auzeni ndondomeko yake, gu, chagada, suku lowawa, Nkhono, thi. Zisanu zimenezi zisasinthe.

Kuchedwetsa mphotho mpaka mawa. Ena amati ndimusiye m'malere kuti aphunzire kudikira, suku lidzagwa mawa usiku. Ayi. Mwana agona ndi nkhawa, kapena sagona nkomwe. Suku ligwe usiku womwewo, nthawi zonse, ngakhale mwana atagona kale inu malizani monong'ona, chifukwa pena mumaganiza kuti wagona koma akumva.

Kuyamba mochedwa. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika maola 10 mpaka 13 a tulo patsiku kuphatikiza ta masana. Ngati amadzuka 6 koloko kukonzekera sukulu, nthano iziyamba cha m'ma hafu seveni. Mukadikira mpaka wayamba kulira ndi kutikita maso, watopa mopitirira, ndipo wotopa mopitirira samvera nthano, amangolusa. Chimodzimodzinso kumuchotsa pa katuni nkumuponya pabedi nthawi yomweyo, zimitsani TV akamakasamba.

Kusiya Chichewa chifukwa mwana akuyankha m'Chishona kapena m'Chingerezi. Izi zimatipweteka ambiri kuno, ena makolo athu anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, Chichewa chikutha pang'onopang'ono m'nyumba. Mwana akafunsa kuti chigoba ndi chiyani, gogodani chibakera chanu muti ichi, mupitirize. Musaime kumasulira chiganizo chilichonse. Mawu ngati kwawu kwawu, gu, tereree, thi safuna kumasulira, ndipo ndi amene amayamba kuwagwira.

Kulonjeza masuku enieni pomwe mulibe. Mukanena kuti ukagona mawa ndikugulira, mugule ndithu. Nthano yonseyi yaima pa mfundo yoti wodikira amalandiradi, ndiye mukanamiza kamodzi, mwana amadziwa kuti suku la amama siligwa. Ndipo mukamugulira, kwa wamng'ono muzimufinyira nokha nkuchotsa njere zake, ndi zazikulu komanso zoterera, atha kutsamwa nazo.